Batani la Cash Out: kampani ikamagula tikiti yanu mpira usanathe, wapindula ndani?

Mu Malichi 2016, bambo wina wa ku England anali ndi tikiti yomwe wobetcha aliyense amailota. Ligi isanayambe, iye anabetcha mapaundi 50 ku kampani ya Ladbrokes kuti timu ya Leicester City idzatenga chikho cha Premier League. Nthawi imeneyo makampani obetchetsa ankaiona Leicester ngati timu yongoperekeza zinzake, moti ankalonjeza mapaundi 5,000 pa paundi iliyonse. Tikiti ya bamboyo ikanamupatsa mapaundi 250,000. Koma kutatsala miyezi iwiri kuti ligi ithe, Leicester ili pamwamba, iye anavomera kulandira mapaundi 72,000 n'kusiya zotsalazo. Pa 2 Meyi, Tottenham italepherana ndi Chelsea 2-2, anyamata a Claudio Ranieri anakhaladi akatswiri.

Ena akamva nkhaniyi amagwira pakamwa, amvekere bamboyo anataya chuma ndi mantha. Ena amati anachita zanzeru, chifukwa akanatha kutsala chimanjamanja. Onsewa akuweruza atadziwa kale mmene ligi inathera, pomwe mwini wake tsiku limenelo sankadziwa. Funso lomwe lingathandize munthu amene wagwira foni lero, mpira uli mkati, ndi lina: kodi mtengo womwe kampani ikunena ndi mtengo weniweni wa tikitiyo pa nthawi imeneyo? Nthawi zambiri yankho n'lakuti ayi, ndipo kusiyanako kumawerengeka.

Batani lolembedwa Cash Out likupezeka pa mafoni a anthu ambiri obetcha m'Malawi, m'Zambia ndi kwina konse. Ntchito yake ndi yosavuta kumva. Masewero omwe mwabetcherawo asanathe, kampani imakuonetsani ndalama yomwe ingakupatseni pompo mukalola kuti tikiti yanu ithere pamenepo. Timu yanu ikamachita bwino, ndalamayo imakwera. Ikamapanikizidwa, imatsika. Mukadina, nkhani yatha: ngakhale timu yanu ipambane, zotsalazo si zanunso, ndipo ngakhale igonje, zomwe mwalandirazo palibe akulandeni. Makampani amalengeza batanili ngati mphatso, ngati njira yoti wobetcha azidzilamulira yekha. Koma chomwe chikuchitika ndi malonda. Inu mukugulitsa tikiti, kampani ikugula, ndipo wogulayo ndi mmodzi yekha, yemwenso ndi amene akutchula mtengo. Zili ngati mlimi wogulitsa chimanga chikadali m'munda kwa venda mmodzi yekha amene wafika m'mudzimo: ndalama ailandiradi lero, koma vendayo sangatchule mtengo womwe iye angaluze nawo.

Phindu la kampani limabisala m'maodzi

Kuti timvetse mtengo wa Cash Out, tiyambe ndi mmene kampani imapezera phindu pa kubetcha wamba. Tiyerekeze masewero omwe mbali ziwiri zili ndi mwayi wofanana ndendende, theka kwa theka. Pachilungamo, maodzi a mbali iliyonse akanakhala 2.00, kutanthauza kuti wobetcha K10,000 akawina alandire K20,000. Kampani siyiika 2.00. Imaika mwina 1.90 mbali zonse ziwiri. Munthu mmodzi akabetcha K10,000 uku, wina K10,000 uko, kampani yatolera K20,000, ndipo aliyense amene awine imupatsa K19,000. K1,000 yotsalayo ndi yake, kaya apambane ndani. Kampani siifunika kulosera mpira kuposa inu kuti ipeze phindu. Imangofunika kugulitsa tikiti iliyonse pa mtengo wokwererapo pang'ono kuposa mtengo wake weniweni.

Ndiye kuti pomwe mukudula tikiti, mwalipira kale kagawo ka kampani kamodzi. Mukadina Cash Out mukulipiranso kachiwiri, chifukwa kusiya tikiti yanu n'chimodzimodzi kubetcha kuti timu yanu sipambana, ndipo kubetcha kwachiwiriku nakonso kuli ndi kagawo kake. Pa makampani ambiri mungathe kuziona nokha. Dulani tikiti, ndipo mpira usanayambe, popanda chilichonse chosintha, yang'anani ndalama ya pa batanilo. Kawirikawiri imakhala yocheperapo pa yomwe mwangoika kumene. Palibe wamenya mpira, palibe wavulala, koma tikiti yatsika kale mtengo.

Tsopano titenge chitsanzo chimodzi n'kuchitsata mpaka kumapeto. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma ndi ofanana ndi omwe amaoneka pa foni Loweruka lililonse, ndipo sitikuwerengerapo msonkho kapena bonasi.

Mwabetcha K10,000 kuti timu ya alendo ipambana, pa maodzi a 3.00. Ikapambana mulandira K30,000. Mpira wafika mphindi 60, alendowo akutsogola 1-0. Pa foni maodzi asintha: kuti alendo apambane ndi 1.50, kuti matimu alepherane ndi 4.00, kuti eni bwalo atembenuze zinthu n'kupambana ndi 7.00. Batani la Cash Out likuonetsa K17,500. Mtima ukuti landirani, chifukwa mwaika K10,000 ndipo mukutuluka ndi phindu la K7,500.

Maodzi ndi njira chabe yolembera mwayi. Mukagawa 100 ndi maodzi, mumapeza mwayi womwe kampani ikunena. Pa 1.50 timapeza pafupifupi 67 pa 100, pa 4.00 timapeza 25, pa 7.00 timapeza 14. Mukaphatikiza zitatuzi mupeza 106, pomwe zinthu zonse zomwe zingachitike pa mpira zimayenera kukwana 100 basi. Zisanu ndi chimodzi zapamwambazo ndiye kagawo ka kampani. Tikachotsa kagawoka mofanana mbali zonse, mwayi woti alendo apambane ukutsala pafupifupi 63 pa 100. Choncho tikiti yolipira K30,000 yomwe ili ndi mwayi wa 63 pa 100, mtengo wake weniweni ndi pafupifupi K18,900. Kampani ikukupatsani K17,500. K1,400 yapakatiyo ndiye mtengo wa batanilo.

Pa tikiti imodzi K1,400 siyioneka, chifukwa mwina mpira utha 1-1 inu n'kuthokoza kuti munadina. Imaonekera mukachita zimenezi kambirimbiri. Tiyerekeze kuti mwakumana ndi zoterezi ka 100. Mukamadikira mpaka wenzulo yomaliza nthawi zonse, matikiti 63 alowa, 37 apsa, ndipo mulandira K1,890,000. Mukamadina nthawi zonse, mulandira K1,750,000. Mwasiyira kampani K140,000 popanda tsiku limodzi lomwe munamva kuti mwaluza. Kampani imaona matikiti ochuluka zedi tsiku lililonse, choncho kwa iyo "kambirimbiri" ameneyu amakwana m'madzulo amodzi.

Munthu ali pabwalo loonetsera mpira sangakhale pansi n'kuwerengera zonsezi, koma pali kasamu kachidule komwe foni iliyonse ingachite m'masekondi ochepa:

```
30,000 ÷ 1.50 = 20,000
```

Uku n'kugawa ndalama yomwe tikiti ilipire ndi maodzi a timu yanu a pakali pano. Yankholo si mtengo weniweni, limapitirirako pang'ono chifukwa m'maodzimo muli kale kagawo ka kampani, koma limakupatsani denga. Mtengo wachilungamo umakhala pansi pa dengalo pang'ono. Ndalama ya pa batani ikakhala kutali nalo, monga K17,500 poyerekeza ndi K20,000, dziwani kuti akukudulani kwambiri. Kudulaku kumasiyana kampani ndi kampani, ndiponso masewero ndi masewero. Pa mpira wa maligi akuluakulu, komwe makampani amapikisana, kagawo kamakhala kochepa. Pa maligi ang'onoang'ono komanso pa zobetcha zapambali monga makona ndi makhadi, kamakula.

Palinso umboni wina woti batanili ndi lokwera mtengo, ndipo umapezeka pa foni yomweyo. Chomwe Cash Out imachita mungathe kuchichita nokha. Pa chitsanzo chathuchi, mukabetcha K7,500 kuti matimu alepherana pa 4.00, zikatero mulandira K30,000. Mukabetchanso pafupifupi K4,300 kuti eni bwalo apambana pa 7.00, zikatero mulandiranso K30,000. Tsopano kaya mpira uthe bwanji, tikiti imodzi mwa zitatuzi ikupatsani K30,000. Mukachotsapo K11,800 yomwe mwaonjezera, mutsala ndi pafupifupi K18,200. Ndalamayi ikadali pansi pa mtengo weniweni uja wa K18,900, popeza mwalipirabe kagawo pa matikiti atsopanowo, koma yaposa K17,500 ya pa batani. Sindikunena izi kuti anthu azidula matikiti atatu m'malo mwa imodzi. Ndikufuna kuonetsa kuti batanilo nthawi zambiri limadula kuposa maodzi omwe kampani yomweyo ikugulitsa poyera pa nthawi yomweyo. Obetcha a ku Britain ali ndi njira ina, misika monga ya Betfair yomwe inayamba mu 2000, komwe anthu amabetcherana okhaokha ndipo munthu angathe kugulitsa mbali yake kwa anzake. Kumeneko ogula ndi ambiri, choncho mtengo umayandikira weniweni.

Kampani imaona mpira inu musanauone

Wina anganene kuti masamu ndi masamu, koma iye amaudziwa mpira. Akaona kuti timu yake yatopa, otchinga kumbuyo ayamba kuchedwa, amadina zinthu zisanaipe. Vuto ndi lakuti chithunzi cha pa kanema chimafika mochedwa ndi masekondi angapo, ndipo cha pa intaneti chimachedwa kuposa pamenepo. Makampani obetchetsa amagula uthenga kuchokera ku makampani ena, monga Sportradar ndi Genius Sports, omwe amatolera zochitika pabwalo nthawi yomweyo. Pomwe inu mukuona wosewera akulowa m'bokosi, makina a kampani adziwa kale ngati chagoletsedwa kapena ayi.

N'chifukwa chake batanilo limazima pa nthawi yomwe mukulifunitsitsa. Oyimbira akaloza penate, akatulutsa khadi lofiira, kapena akapita kukaonera VAR, pa foni pamalembedwa Suspended, ndipo simungadine. Likabweranso, mtengo wasintha. Ngakhale pomwe batani likugwira ntchito, mukadina pamadutsa masekondi angapo kampani isanavomereze, ndipo maodzi akasuntha m'kanthawi kameneko pempho lanu likhoza kukanidwa kapena mupatsidwa mtengo watsopano. Malamulo a makampani, aja timangovomereza osawerenga, nthawi zambiri amanena poyera kuti Cash Out si lonjezo, ndipo kampani ingaichotse nthawi iliyonse. Munthu amene wabetcha ndalama yambiri podalira kuti "zikavuta ndituluka" wadalira khomo lomwe makiyi ake ali ndi wina. Ngati mwadinadi, foni n'kutsimikiza, koma ndalama osalowa, pamenepo pali dandaulo lenileni: jambulani zomwe foni ikuonetsa, lembani nambala ya tikiti, yambani ndi kampaniyo, ndipo zikakanika m'Malawi muno pali bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority lomwe limapereka ziphaso kwa makampaniwa. Koma batani longozima lisanadinidwe, kawirikawiri palibe mlandu womwe mungawine.

Nanga bwanji anthu amadinabe? Chifukwa mtima wa munthu suwerengera ngati makina. Mu 1979 akatswiri awiri a kaganizidwe ka anthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, anaonetsa kuti anthu ambiri akapatsidwa mwayi wosankha pakati pa phindu lochepa lotsimikizika ndi phindu lalikulu lokayikitsa, amasankha lotsimikizikalo ngakhale masamu akukomera linalo, ndiponso kuti kutaya chinthu kumapweteka kuposa mmene kupeza chinthu chomwecho kumakomera. Ndalama ikangooneka pa batani, mtima umaitenga ngati yanu kale. Ikatsika kuchoka pa K17,500 kufika pa K15,000 chifukwa eni bwalo apeza kona, mumamva ngati wina wakusolola m'thumba, ndipo chala chimathamangira kudina.

Kukumbukira nako kumatinamiza. Pa fainolo ya World Cup mu Disembala 2022, Argentina inkatsogola France 2-0 mpaka chakumapeto, kenako Kylian Mbappé anagoletsa ziwiri motsatizana cha m'mphindi 80, ndipo mphindi 90 zinatha 2-2. Amene anabetcha kuti Argentina ipambana mu mphindi 90 analuza, ngakhale Argentina inatenga chikho pa mapenate. Amene anadina Cash Out zigoli za Mbappé zisanabwere amaikamba nkhaniyi mpaka lero. Koma masewero ambirimbiri omwe timu inatsogola 2-0 n'kupambanadi bwinobwino palibe amawakamba, ndipo m'masewero onsewo odina anasiyira kampani ndalama zawo. Kutembenuka kwa mpira kwa mtundu umenewu kumawerengeredwa kale m'maodzi. Sikuti kampani inaiwala kuti mpira ndi wozungulira.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa K1,400 ija n'chomwe chimachitikira ndalamayo ikalowa mu akaunti. Tikiti yodikira imamanga ndalama mpaka mpira utatha. Tikiti yogulitsidwa imaimasula mpira ukadali mkati, munthu magazi akadali otentha, masewero ena akuoneka pa foni pomwepo. Anthu ochepa ndi amene amaitumiza ku Airtel Money kapena ku Mpamba nthawi yomweyo. Ambiri amabetchanso, ndipo tikiti yatsopano iliyonse imalipira kagawo kake. K10,000 imodzi ingathe kuzungulira kanayi madzulo amodzi, ikupungulidwa pa ulendo uliwonse. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2024, wotsogoleredwa ndi Daniel Bennett wa ku yunivesite ya Monash ku Australia, anapezanso kuti anthu akadziwa kuti pali mwayi wotuluka pakati, amabetcha ndalama zambiri kuposa pomwe mwayiwo palibe. Ndiye kuti batanili limapindulira kampani ngakhale lisanadinidwe.

Zomwezi zimachitika kumbali yoluza. Timu yanu ikamagonja, batani limaonetsa kandalama kochepa, mwina K1,500 pa K10,000 ija, ndipo mumati bola ndipulumutseko kangachepe. Palibe choipa chapadera pamenepa, koma palibenso chaulere. Kagawo kakadalipo, ndipo poyerekeza ndi kuchepa kwa ndalamayo nthawi zina kamakhala kakakulu kuposa kumbali yowina.

Tikiti ya matimu ambiri

Obetcha ambiri kwathu kuno sadula tikiti ya timu imodzi. Amasanja matimu khumi kapena kuposa pa K500 kapena K1,000, n'kumayembekezera ndalama yosintha moyo. Apa ndi pomwe Cash Out imakoka mtima kwambiri, ndiponso ndi pomwe funso lake limavuta.

Choyamba, tikiti yotere imayamba ili yodulidwa kale kwambiri, chifukwa kagawo ka timu iliyonse kamachulukitsana ndi ka inzake. Ngati pa masewero alionse kampani ikusunga 5 pa 100, pa matimu khumi mtengo weniweni wa tikiti ya K1,000 umatsala pafupifupi K600 mpira usanayambe n'komwe. Koma tiyerekeze kuti mwayi wakugwerani. Tikiti yanu ya K1,000 ilipira K400,000, matimu asanu ndi anayi alowa, yatsala imodzi yosewera usiku, yomwe munaitenga pa maodzi a 2.00 ndipo sanasinthe. Tikachotsa kagawo ka kampani, mwayi wa timuyo ndi pafupifupi 47 pa 100, choncho mtengo weniweni wa tikiti ndi pafupifupi K189,000. Batani likuonetsa K170,000.

Taonani chinthu chomwe ambiri sachiganizira. Mukanasiya timu yomalizayo, n'kudula tikiti ya matimu asanu ndi anayi okha, panopa mukanakhala mutalandira K200,000 popanda kufunsa aliyense. Kuonjezera timu yachikhumi kenako n'kuithawa isanasewere kwakudyerani K30,000. Munthu amene akudziwa mumtima mwake kuti ikadzatsala timu imodzi adzadina, asaiikepo timuyo. Makampani ena amaonjezera bonasi pa matikiti a matimu ambiri, ndipo ndi bwino kuwerenga malamulo awo, chifukwa kumalo ena bonasiyo siwerengeredwa mu Cash Out, zomwe zimakulitsa kusiyanako.

Komabe tikiti yadulidwa kale, ndipo usiku wafika. Kodi munthuyu adine? Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi anthu omwe amati Cash Out ndi yopusa nthawi zonse. Masamu a "ka 100" aja amagwira ntchito kwa munthu amene adzakumanadi ndi zoterezi ka 100. Mwini tikiti ya K400,000 mwina sadzafikanso pamenepa moyo wake wonse. Ngati K170,000 ikukwanira fizi ya mwana ya teremu ino, kapena matumba a feteleza omwe akusowa mvula ili pafupi, kapena lendi yomwe yatsalira, ndiye kuti K170,000 yoyambayo ndi yofunika kwa iye kuposa K230,000 yapamwambayo. Kukana kudina n'chimodzimodzi kutenga K170,000 m'thumba n'kuibetcha pa timu imodzi. Funso losavuta ndi limeneli: mukanakhala ndi ndalama imeneyi m'manja, kodi mukanaiika yonse pa masewero a usiku uno? Ngati yankho ndi ayi wamphamvu, kudina n'komveka. Mukugula chitetezo, ndipo chitetezo chili ndi mtengo, pano pafupifupi K19,000.

Njira yodziteteza nokha ija pano siithandiza anthu ambiri. Kuti mubetche mbali ziwiri zotsalazo mokwanira kuphimba K400,000, mufunika ndalama yoposa K200,000 yapadera usiku womwewo. Munthu wodula tikiti ya K1,000 alibe ndalama imeneyo, ndipo kukongola kuti aipeze n'kuika moyo pachiswe chachikulu kuposa chomwe akuthawa, makamaka poti kulakwitsa kamodzi podina kapena kusamvetsa lamulo limodzi kungathe kutayitsa zonse. Kwa iye batani ndiye khomo lokhalo.

Ndi mmenenso tiyenera kumuonera bambo wa Leicester uja. Mapaundi 72,000 pa 250,000 ndi pafupifupi 29 pa 100. Ngati mwayi wa Leicester tsiku limenelo unali woposa pamenepo, kampani inagula tikitiyo motchipa. Koma kwa munthu wamba mapaundi 72,000 ndi ndalama yosintha moyo, ndipo kuikana kukanakhala kubetcha ndalama yonseyo pa timu yomwe inali isanatengepo ligi yaikulu ya ku England chiyambire. Kampani ikhoza kupindula pa malonda amenewa, iyenso osalakwa.

Makampani ena ali ndi njira yapakati, yolandira gawo la tikiti n'kusiya gawo lina likuyendabe. Pa tikiti yathu ija, kugulitsa theka kukupatsani K85,000 pompo, ndipo timu ikapambana mulandiranso K200,000. Ubwino wake ndi wakuti kagawo ka kampani mukulipira pa theka lokha. Ngati vuto lanu lenileni ndi la K80,000, palibe chifukwa chogulitsira tikiti yonse.

Nthawi ina yomwe kudina kungakhale kwanzeru ndi pomwe mukudziwa chinthu chomwe maodzi sanachiwerengere. Izi zimachitika, koma mwa apo ndi apo, kuposa mmene obetcha amaganizira. Pa Premier League kapena La Liga, nkhani ya kuvulala kwa wosewera imalowa m'maodzi m'kanthawi kochepa zedi, ndipo zomwe mwamva pa wailesi kampani inazimva kalekale. Mpata umakhalako pang'ono pa mpira wa kwathu, munthu ali pa Kamuzu Stadium kapena pa Bingu akuona ndi maso ake kuti goloboyi akutsimphina. Ngakhale pamenepo, zomwe mukudziwazo ziyenera kukhala zazikulu moti zikuposa kagawo konse ka kampani. Pa chitsanzo chathu choyamba, K17,500 pa K30,000 ndi 58 pa 100. Kudina kukupindulirani pokhapokha mwayi weniweni wa timu yanu uli pansi pa 58, osati 63. Kungomva kuti "mpirawu sukundisangalatsa" sikukwana kutsitsa mwayi chotere.

Palinso nthawi yomwe batanili limathandiza pa zifukwa zosakhudza mpira. Mwadina timu yolakwika, kapena mwalemba K50,000 m'malo mwa K5,000: kutuluka msanga n'kutayapo pang'ono kuli bwino kuposa kusunga tikiti yomwe simunaifune. Chimodzimodzi munthu amene wabetcha ndalama ya ufa ali wokwiya kapena ataledzera, nzeru n'kumubwerera mpira usanayambe. Ameneyu adine, atulutse ndalamayo mu akaunti nthawi yomweyo, ndipo asadzinamize kuti vuto linali timu yomwe anasankha. Ngati mukupezeka kawirikawiri mukudina chifukwa simungapirire kuluza tikitiyo, ndiye kuti ndalama yomwe mukubetcha yakula kuposa thumba lanu, ndipo mankhwala ake ndi kuchepetsa kapena kusiya, osati batani. Makampani ambiri ovomerezeka ali ndi njira yodziikira malire kapena kudzitsekera akaunti kwa kanthawi, ndipo imeneyo siidula kagawo kalikonse.

Kwa inu amene mumabetcha, pempho langa ndi ili. Musanadule tikiti, mtima ukadali m'malo, ganiziranitu ngati mudzaisunge mpaka kumapeto. Ngati yankho ndi ayi, chepetsani ndalama kapena chotsani matimu ena. Batani likadzawala mpira uli mkati, gawani ndalama ya tikiti ndi maodzi a nthawi imeneyo, muone kuti akukudulani zingati. Pa tikiti yaing'ono ya masiku onse, lisiyeni. Pa tikiti yomwe ndalama yake ingalipire fizi kapena feteleza, dinani ngati mukufuna, ndipo ndalamayo ituluke mu akaunti usiku womwewo.